Rota ya anthu asanu ndi mmodzi yandizunguza mutu

Okondedwa Alangizi,

Ndine supavaiza pamalo ena omwetsera mafuta mu Lilongwe, omwe satseka usana ndi usiku. Ndili ndi anyamata ndi atsikana asanu ndi mmodzi. Mashifiti ndi atatu: 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, 2 mpaka 10 koloko usiku, ndi naiti yofika 6 m'mawa. M'mawa pamafunika awiri, masana awiri, usiku mmodzi pamodzi ndi alonda. Choncho tsiku lililonse amapuma ndi munthu mmodzi yekha.

Aliyense akapuma kamodzi pa sabata pamatsala tsiku limodzi, ndiye ndinaganiza zoti mmodzi azitenga Loweruka ndi Lamulungu pamodzi, enawo azigawana Lolemba mpaka Lachisanu, kenako azisinthana. Motero aliyense wikendi yathunthu imamufika kamodzi pa masabata asanu ndi limodzi.

Povuta ndi posinthanapo. Lamulo la zantchito la mu 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, komanso asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana asanapume maola 24. Tsono amene wapuma Lolemba sabata ino ndikamusunthira Lachiwiri sabata yamawa, agwira kuyambira Lachiwiri mpaka Lolemba linalo, masiku asanu ndi awiri. Ndikamabweza ofu chammbuyo, Lachisanu kenako Lachinayi, zimayenda bwino mpaka munthu atafika pa Lolemba. Kuchoka pamenepo kuti akapeze wikendi yake ya sabata yotsatira, agwira masiku 11 osapuma. Ameneyo angamwetse dizilo m'galimoto ya petulo.

Wa naiti naye akudandaula, ndipo sindimutsutsa. Akaweruka 6 m'mawa pa tsiku la ofu n'kubweranso 6 m'mawa mawa lake, papepala maola 24 akwana, koma tsikulo lathera kutulo.

Pali nkhani ya mapemphero. Mmodzi ndi wa Sabata, safuna kumva za Loweruka. Wina ndi Msilamu, amangopempha Lachisanu masana. Anayi otsalawo onse akufuna Lamulungu, ndipo ayamba kale kunong'onezana kuti ndimakondera. Akasinthana okhaokha osandiuza, ndimadzangoona munthu waweruka 10 usiku ali pa pampu 6 m'mawa maso ali psuu.

Bwana akuti ndalama yolembera munthu wina palibe.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi ilipo njira yosinthira ofu popanda wina kupitirira masiku asanu ndi limodzi, kapena ndingowapatsa awiri aja masiku awo okhazikika, anayiwo azisinthana Lamulungu? Nanga maola 24 a wa naiti ndiziwerenga kuyambira pomwe waweruka? Ngati masamuwa sangatheke ndi anthu amenewa, ndiwafotokozere bwanji bwana kuti avomere waganyu wa pa wikendi?

Ine wothedwa nzeru,
Lilongwe