Kwa mwana wanga, pa nkhani ya njala ya 1949

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija lomwe limandikumbutsa ukalamba m'mawa uliwonse. Uthenga wako ndalandira. Wati mwagwirizana ndi anzako kulemba mbiri ya mudzi wathu, ndipo iwe wapatsidwa gawo la njala ya 1949, ndiye ukufuna kubwera kudzacheza ndi akuluakulu kuno ku Lunzu. Ndakondwa kwambiri, koma pali zina zoti ndikuuze usanakwere basi, chifukwa nkhaniyi ndinakula nayo pamtondo wa agogo ako ndipo ndikudziwa pomwe imaterera.

Choyamba werenga zaka. Munthu wobadwa mu 1940 anali ndi zaka 9 njalayo ikuyamba. Amene anali ndi mabanja nthawi imeneyo, amene ankasankha kuti kansima kochepa adye ndani, pafupifupi onse anapita. Otsalawa anaona njalayo ali ana. Mwana amakumbukira bwino fungo la gaga, kuwawa kwa mpama wosaphikidwa mokwanira, mtunda umene anayenda atagwira nsalu ya amayi ake. Sadziwa mtengo wa thumba la chimanga, sadziwa zimene a mfumu anakambirana ndi bwana DC. Akakuuza zimenezo ndiye kuti anachita kumva. Zakumvazo usataye, koma uzilembe pazokha. Aliyense wocheza naye umufunse mofatsa: munali kuti, munali wamkulu bwanji, ichi munaona ndi maso kapena anakuuzani ndani? Funso lachitatulo ulibwereze ngakhale kakhumi, palibe amene angakwiye ukafunsa mwaulemu.

Zina zili kale m'mapepala ndipo usavutitse nazo nkhalamba. Mvula inayamba bwino kumapeto kwa 1948, anthu nadzala, kenako inadula mbewu zili zanthete. Njala inafika poipitsitsa kumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950, ndipo chigawo cha kumwera, makamaka boma lathu lino la Blantyre, ndicho chinavutika koposa. Bwanamkubwa anali Geoffrey Colby. Boma linaitanitsa chimanga kunja, linagawa chakudya, ndipo pambuyo pake linatsegula misasa yodyetserako ofooka. Zonsezi ukazipeza ku National Archives ku Zomba. Ndikupempha upite kumeneko kaye, ngakhale masiku awiri okha, kuti pofika kuno ukhale uli ndi mzere wa miyezi m'mutu woti uzipachikapo zimene uzimva.

Chimene mapepalawo sanena mokwanira ndi zimene zinachitika m'nyumba. Apa mpamene mawu a akuluakulu alibe mnzake. Agogo ako ankati njala ija inathetsa maukwati ambiri. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, amakhala kwa mkazi. Nkhokwe zitauma, amuna ambiri anachoka akuti akukasuma ku Neno, ku Mwanza, ku Ntcheu, ena mpaka ku Mozambique. Ena anabweradi ndi chakudya pamutu. Ena anabwerera kwawo kwa alongo awo, ena anakakwatira komwe kunali chimanga, nasiya mkazi ndi ana. Kalaliki wa boma akalemba kuti mudzi wakuti walandira matumba akuti, sadziwa kuti m'mudzimo muli mayi amene mwamuna wake amalembedwa kuti ali pa ntchito koma sanatumize ngakhale kobiri. Zimenezi uzimva kwa amayi okha.

Ndiye amayi ucheze nawo paokha. Ukawaika pamodzi ndi abambo pabwalo la a mfumu, adzakhala chete kumangovomera kuti eya, ndi momwemo. Uwapeze kuseri kwa nyumba akutola nyemba kapena akupeta, ukhale pamphasa, usakhale pampando. Ndipo uwapemphe nyimbo za pamtondo. Nyimbo imasunga mawu kuposa nkhani, chifukwa nkhani munthu amaikonza nthawi iliyonse akamaifotokoza, pomwe nyimbo ukasintha liwu anzako osinja nawo amakubweza. Zimene mkazi sakanatha kunena pamaso pa mwamuna wake kapena apongozi, ankaziimba musi ukugunda. Agogo ako anali nayo ina yodandaula mwamuna wopita osabwerera, ndipo akaiyamba nkhope yawo inkasintha. Ukaimva nyimbo yotere ufunse kuti ankaimba ndani, anaiphunzira liti, chifukwa ina ndi yakale kuposa 1949 ndipo anangoiveka njalayo.

Tsopano pomwe pali dzenje lenileni ndi pa zaka. Munthu amene wadutsa m'njala zingapo, m'mutu mwake zimakasanduka njala imodzi yaikulu. Ndikupatse chitsanzo cha m'banja mwathu momwe. Azakhali ako aakulu, amene anabadwa nkhondo ya Hitler ili mkati, anandifotokozera tsiku lina za njala ya 1949. Anati anaima pamzere kuyambira mbandakucha, mwana ali kumbuyo, kudikira chimanga chachikasu, ndipo ena ankagulitsa chigoba pa makwacha angapo. Ndinamvetsera mpaka anamaliza. Kenako ndinaganiza: kwacha inabwera mu 1971, mu 1949 anthu ankagwiritsa mapaundi ndi masheleni. Chimanga chachikasu chimene tonse timakumbukira ndi cha chilala cha 1992. Sindinawatsutse. Ndinangofunsa kuti, mwana munaberekayo anali ndani? Anatchula dzina la mdzukulu wawo, wobadwa Kamuzu ali pafupi kuchoka pampando. Iwo eni anaseka nati, aa, ndasakaniza, imeneyo ndi ina. Atatero anakumbukira ya 1949 yeniyeni, ndipo inali yosiyana kotheratu: iwo ali kamtsikana, amayi awo akukumba tsinde la nthochi, kuliyanika ndi kulisinja, mlongo wawo wamng'ono atatupa miyendo. Sananame poyamba paja. Zonse ziwiri zinachitika, koma zinali zitamatana.

Uone njira yake. Usafunse kuti chinali chaka chanji, chifukwa akupatsa chaka chimene akuganiza kuti ukufuna kumva. Funsa pomangirira ku zinthu zodziwika. Asilikali anali atabwerako ku Burma? Nkhondo inatha mu 1945. Napolo wa ku Zomba anali atadutsa? Ameneyo ndi wa December 1946. Chitaganya chinali chitayamba? Chinayamba mu 1953. Kamuzu anali atafika? Anafika pa 6 July 1958. Koposa zonse funsa za thupi lawo ndi banja lawo: munali mutatha msinkhu, munali mutavinidwa, mng'ono wanu uja anali atabadwa? Mayi saiwala mwana amene anali kumbuyo. Ukapeza dzina la mwanayo, mabuku a ubatizo ku mishoni akhoza kukupatsa chaka.

Pa chiwerengero cha omwalira usamale kwambiri. Mapepala a boma amatchula anthu pafupifupi 200. Akuluakulu adzakuuza kuti anthu anatha, maliro analibe wolira. Usathamangire kusankha mbali. Boma linawerenga amene linawaona, ndipo khanda lofera kumbuyo kwa amayi ake panjira ya ku Mwanza, kapena nkhalamba yotsekula m'mimba itadya mizu, palibe anakalembetsa kuti yafa ndi njala. Komanso mawu akuti anthu anatha ndi kulira, sungawasandutse nambala. Chimene ungachite, ndipo ndikuona kuti ndicho chidzapatse ntchito yanu ulemu, ndi kufunsa mayina. M'nyumba mwanu anamwalira ndani? Nanga kwa azakhali anu? Anaikidwa manda ati? Uyende mbumba ndi mbumba. Mwina upeza mayina asanu ndi awiri m'mudzi wonse, mwina makumi awiri. Ulembe kuti awa ndi amene akukumbukiridwa ndi mayina m'mudzi uno, ndipo uonjeze kuti makanda ndiwo amaiwalika msanga, ena anali asanapatsidwe ndi dzina lomwe.

Usasangalale msanga anthu atatu akakuuza chinthu chimodzi. Funsa aliyense kumene anachimva. Ukapeza kuti onse atatu anamva kwa malume mmodzi yemweyo pamoto, umboni uli nawo ndi umodzi. Mawu akafanana ndendende, mpaka mwambi womalizira, ndiye kuti ndi nkhani yoloweza. Anthu amene anaonadi chinthu amasiyana pang'ono, wina akuti kunali m'mawa, wina masana, koma thunthu lake n'kukhala limodzi. Ine ndimakhulupirira osiyana pang'onowo.

Udziwenso kuti nkhani zakale kuno zimakhudza minda ya lero. Wina akakuuza kuti banja lakuti linabwera nthawi ya njala kudzapempha malo, mwina ndi zoona, mwinanso pali mlandu wa malire umene ukuyembekezera kubwalo. Iwe ukalemba m'buku, mawa adzanyamula bukulo ngati umboni. Ukamva zotere upite kubanja linalo ukamve mbali yawo, ndipo ulembe zonse ziwiri, aliyense ndi mawu ake. A mfumu uyambire kwa iwo kukapereka ulemu, ndi mwambo, koma usalole kuti akusankhire okha anthu ocheza nawo.

Pali zimene sadzakuuza tsiku loyamba, mwina ngakhale lachitatu. Palibe amene amayamba ndi kunena kuti bambo anga anatithawa, kapena amayi anaba chinangwa m'munda mwa eni, kapena tinamana agogo chakudya. Nthawi zambiri adzati kunali anthu ena amene ankachita zakuti. Usawakakamize kuti anthu enawo ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akatonthola pakati pa nkhani, usamuthandize mawu, dikira. Akalira, zimitsa foniyo. Ndipo usanayambe kujambula mawu uwauze momveka kuti zipita kuti, adzawerenga ndani, ndipo ufunse ngati akulola dzina lawo kulembedwa. Mayina a amene anaba kapena anathawa mabanja usawaike m'buku, zidzukulu zawo timapemphera nazo limodzi.

Tsiku lomwelo madzulo ulembe zimene wajambula, m'Chichewa momwe anayankhulira, osakonza. Pamwamba uike tsiku, malo, zaka za munthuyo, ndi amene analipo pomvetsera, chifukwa mayi amayankhula mosiyana mpongozi akakhala pafupi. Mafunso ako nawonso uwalembe, kuti wodzawerenga aone ngati unamuika munthu mawu m'kamwa. Kucheza kusapitirire ola limodzi, nkhalamba zimatopa ndipo zikatopa zimangovomera chilichonse.

Ubwere ndi shuga, sopo ndi mchere, koma uzipereka potsanzika ngati mlendo aliyense, osati poyamba ngati ukugula nkhani. Azakhali ako ndawauza kale kuti ukubwera, ndipo ati uyambire kwa iwo. Pali agogo ena awiri kutsidya kwa mtsinje amene maso anafooka koma mutu uli bwinobwino, mmodzi wakhala akudwaladwala chiyambire dzinja, choncho usazengereze mpaka tchuthi china. Undiuze tsiku kuti ndikonze chipinda. Upereke moni kwa apongozi anga ndi ana.

Ndine,
Mayi ako