Abwana amafufuta zolaula zawo ndisanazijambule, ndikadandaule kuti?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Kawale ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Kanengo. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa ntchitoyi ndi imene ikudyetsa ana anga awiri komanso kulipira lendi.

Kuntchito tili ndi gulu la WhatsApp la anthu 23, ndipo adimini wake ndi abwana a nthambi yathu. Zinayamba ngati nthabwala. Tsiku lina ndinatumiza lipoti pagulupo, iwo n'kuyankha kuti lipoti lili bwino koma siketi imene ndinavala dzulo lake ndiyo inaposa. Anthu anaika tizithunzi toseka. Ine ndinangokhala chete poganiza kuti zitha zokha. Sizinathe. Anayamba kutenga chithunzi changa cha pa WhatsApp n'kuchiponya pagulu ndi mawu onena za thupi langa, mawu oti sindingawalembe m'nyuzipepala. Kenako zinasamukira kumbali: mavoisi usiku, ndi kuimba kwa vidiyo cha m'ma 9 koloko, ati tikambirane za malisiti. Ndikayankha ndi kamera yotseka amati, "Iwe, tsegula kamera, ndimalankhula ndi khoma ine?" Tsiku limene ndinatsegula ndinawapeza ali pabedi, opanda malaya.

Chimene chandipweteka, Azakhali, n'chakuti bamboyu ndi wochenjera pofufuta mapazi ake, ndipo ine ndinachedwa kuzindikira. Amatumiza zolaula usiku, m'mawa n'kuzichotsa ndi Delete for everyone, moti pamangotsala mawu oti This message was deleted. WhatsApp imalola munthu kuchita zimenezi kwa masiku pafupifupi awiri chitumizireni uthengawo. Zithunzi amatumiza ndi View once, zimene zimatseguka kamodzi kokha ndipo foni imakana kuzijambula. Mnzanga wina atawadzudzula pagulu, iwo monga adimini anafufuta uthenga wake, n'kutsegula Disappearing messages kuti chilichonse chizitha chokha pakapita maola 24. Ati pofuna kuti mafoni asamadzaze. Za miyezi iwiri yoyambirira ndilibe kalikonse, kupatula zimene zili m'mutu mwangamu.

Amene ananditsegula maso ndi mng'ono wanga, yemwe amakonza mafoni ku Mchesi. Ataona masikirinishoti anga atatu oyamba anapukusa mutu. Ndinali nditawadula kuti patsale mawu oipawo okha, ndipo pamwamba pankaoneka dzina loti Bwana, monga ndinawasungira m'foni. Iye anati, "Achemwali, Bwana ameneyu ndi ndani? Aliyense akhoza kusunga nambala ya mnzake n'kuitcha Bwana." Tsopano sindidulanso chithunzi. Ndimajambula sikirini yonse kuti paoneke dzina la gulu, tsiku, nthawi, ndi mauthenga a pamwamba ndi pansi pake, kuti wina asadzanene kuti ndinayamba ndine. Ndinajambulanso tsamba loonetsa nambala yawo, ndi mndandanda wa anthu a m'gulu umene ukusonyeza kuti iwo ndiye adimini. Ngakhale pamene afufuta ndimajambulapo, chifukwa ndikakhala ndi chithunzi cha usiku ndi cha m'mawa, zimaoneka poyera chimene chinachotsedwa.

Anandisonyezanso kutulutsa macheza onse pakamodzi: kudina timadontho titatu pakona, kenako More, Export chat, n'kusankha Include media kuti mavoisi apite nawo. Zimatuluka ngati kalata yaitali, uthenga uliwonse ndi tsiku ndi nthawi yake. Koma zofufutidwa sizibwerera, n'chifukwa chake ndimachita zimenezi usiku womwewo, ndisanagone. Apa ndinalakwitsaponso: poyamba ndinkazitumiza ku imelo ya kuntchito, kuiwala kuti imelo ndi laputopu zonse ndi za kampani, akhoza kuzitseka tsiku lililonse. Pano zili ku imelo yangayanga ndi pa fulashi imene amasunga mng'ono wangayo.

Zovuta kwambiri ndi za kuimba kwa vidiyo. Ndinayesa kujambula sikirini akulankhula. Chithunzi chinatuluka bwinobwino koma mawu osamveka ngakhale pang'ono, munthu akungoyendetsa milomo. Akuti mafoni ambiri amatero. Ndiye ulendo wina ndinakweza mawu, mng'ono wanga n'kujambula ndi foni yake ataima pambali. M'kanemayo akumveka akunena kuti ngati ndikufuna kontirakiti yanga iwonjezedwe ndidziwa chochita. Foni imeneyonso ndi imene inajambula chithunzi chimodzi cha View once nditachitsegula. Kupatula apo ndimajambula mndandanda wa mafoni pa Calls, pamene pamaoneka tsiku, nthawi ndi mphindi zimene tinalankhula, ndipo akangodula ndimalemba m'kope mawu amene anena ndisanaiwale. Mafoni a usiku afika 14.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuwalembera uthenga umodzi: "Bwana, sindikusangalala ndi mauthenga onena za thupi langa. Chonde musamandiimbire usiku, za ntchito tizikambirana ku ofesi." Ndinatero kuti pakhale cholembedwa chosonyeza kuti ndinakana. Anayankha kuti ndayamba matama. Mawa lake pamsonkhano anati ntchito yanga yalowa pansi.

Malamulo ndawerengako. Lamulo la 2013 loona zoti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere, chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo limanenanso zoti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo. Palinso lamulo la 2016 la za pa intaneti limene limaletsa kuvutitsa munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Papepala zili bwino. Koma ine chimene chikundisowetsa tulo ndi khomo loyamba kugogoda.

Anzanga akuti ndiyambe ndi kalata yopita ku ofesi yoona za ogwira ntchito, yolembedwa motsatira masiku, ndisunge kope lake lodindidwa tsiku limene alandira. Ndikuvomereza, koma mayi wa ofesi imeneyo ali m'gulu lomwelo, ndipo pa nthabwala ya siketi ija anaika kachithunzi koseka. Kodi ndikapereke dandaulo kwa munthu woteroyo, kapena ndidumphe ndilembere mkulu wa kampani? Ndipo ngati ndondomeko ya madandauloyo kulibe, poti m'zaka zitatu sindinaionepo, ndikhoza kupita mwachindunji ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC kapena ku ofesi ya zantchito ya boma ndisanadandaule mkati? Nanga kupolisi, kunthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipite nthawi imodzi kapena ndidikire kaye? Akandipempha foni kuti aifufuze, ndikuopa kukhala opanda foni yomwe ndimalandirira ndalama ndi mauthenga a kusukulu kwa ana.

Kanema uja nayenso akundichititsa mantha. Ndinawajambula osawauza. Kodi sangatembenuze nkhani kuti wolakwa ndine? Sindinamutumize kwa wina aliyense, ngakhale mnzanga wina akundikakamiza kuti ndimuponye pa Facebook dziko lonse limuone. Ine ndakana, ndikuona ngati zingawononge mlandu wanga.

M'gulumo sindinatulukemo ndipo nambala yawo sindinaitseke, chifukwa ndandanda ya ntchito imabwerera momwemo, komanso ndikatuluka sindizionanso zimene akulemba. Mwa anthu 23 aja, mmodzi yekha ndi amene wavomera kuti akhoza kundichitira umboni, ndipo nayenso akuti ndisamutchule pokhapokha zitafika povuta.

Kontirakiti yanga ikutha mwezi wamawa, ndipo wosayina fomu yoti iwonjezedwe ndi abwana omwewo. Ndipereke kalatayi asanasayine kapena ndidikire asayine kaye? Ndikadikira adzati bwanji ndinakhala chete nthawi yonseyi. Ndikafulumira, ndikuopa kuti Januwale adzandipeza pakhomo. Ndithandizeni Azakhali, kalatayo ndalemba kale, ili m'chikwama.

Ine wosowa mtendere,
Kawale, Lilongwe