Lipoti la msonkhano: kodi zomwe Khonsolo ya Zachitetezo yalamula zingaunikidwe kukhoti?

Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la ophunzira za malamulo,

Ndikuthokozeni ponditumiza kukakuimirani ku msonkhano wa masiku atatu uja. Mitu inalipo ingapo, koma ine ndikufotokozerani umodzi wokha, womwe munandipatsira funso pochoka: ngati Khonsolo ya Zachitetezo ya United Nations yalamula chinthu chomwe dziko lina likuona kuti n'chosemphana ndi malamulo, dzikolo lingakadandaule kuti? Ndinapita ndikuganiza kuti yankho ndi Khoti la Mayiko Onse la ku Hague basi. Ndabwerako nditasintha maganizo.

Poyambira pake ndi Pangano lokhazikitsa United Nations la 1945. Gawo 25 limati mayiko onse omwe ndi mamembala avomereza kulandira ndi kuchita zomwe Khonsolo yalamula. Gawo 103 limawonjezera kuti udindo wochokera mu Panganoli ukawombana ndi udindo wochokera mu pangano lina lililonse la pakati pa mayiko, wa Panganoli ndiwo umapambana. Malawi analowa m'bungweli mu 1964, choncho magawo awiriwa akutimanga nafenso. Koma gawo 24 limatinso Khonsolo izigwira ntchito motsatira zolinga ndi mfundo za bungweli. Ndiye kuti malire alipo. Chomwe chinasiyidwa osalembedwa n'chakuti ndani aziona ngati malirewo adumphidwa. Kwathu kuno tinazolowera gawo 5 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limati chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulowo n'chopanda mphamvu, ndipo timadziwa khomo loti tikagogode. Mu Pangano la 1945 mulibe khomo lotero. Dziko la Belgium linayesa kuti khoti lipatsidwe mbali yoteroyo pomwe Panganoli linkalembedwa ku San Francisco, koma maganizo ake sanadutse.

Tsiku lachiwiri m'mawa, mayi wina wophunzitsa malamulo anatitengera mu mlandu wa Lockerbie. Sanayambe ndi kulankhula. Anangotenga choko n'kulemba masiku anayi pa bolodi, lililonse pansi pa linzake: 3 Malichi, 28 Malichi, 31 Malichi ndi 14 Epulo 1992. Kenako anati tiyang'anitsitse mpata wa pakati pa lachiwiri ndi lachitatu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Chiyambi chake n'chodziwika. Pa 21 Disembala 1988 ndege ya Pan Am inaphulitsidwa ili mumlengalenga pamwamba pa tawuni ya Lockerbie ku Scotland, ndipo anthu 270 anafa, 11 mwa iwo ali pansi m'tawunimo. Mu Novembala 1991 Amereka ndi Britain anatchula nzika ziwiri za Libya, Abdelbaset al-Megrahi ndi Lamin Khalifa Fhimah, kuti ndiwo akuganiziridwa, ndipo anafuna kuti aperekedwe. Libya inakana. Inatsamira pa pangano la ku Montreal la 1971 loteteza ndege, lomwe mayiko atatu onsewa anali atalowamo. Gawo 7 la panganoli limapatsa dziko njira ziwiri: kupereka woganiziridwayo, kapena kutengera nkhaniyo kwa oimba milandu a dziko lomwelo. Libya inati yasankha njira yachiwiri, ndiponso malamulo ake salola kupereka nzika zake kunja.

Mu Januwale 1992 Khonsolo inatulutsa mfundo nambala 731 yolimbikitsa Libya kuti iyankhe zofuna za mayikowo. Pa 3 Malichi Libya inakasuma ku Khoti la Mayiko Onse ku Hague, n'kupempha chiletso chakanthawi choti isakakamizidwe kupereka anthuwo mlandu usanathe. Majaji anamva mbali zonse mpaka pa 28 Malichi, n'kupita kukakambirana. Patangodutsa masiku atatu, chigamulo chisanatuluke, Khonsolo inakhazikitsa mfundo nambala 748 pansi pa Mutu 7 wa Pangano la 1945, mutu womwe umagwira ntchito mtendere wa dziko lapansi ukakhala pa chiopsezo. Inalamula Libya kuti imvere, ndipo ikapanda kutero ndege zisamapite kapena kuchokera ku Libya, isagulitsidwenso zida. Mayiko 10 anavomereza, asanu sanavote: China, India, Morocco, Cape Verde ndi anansi athu a Zimbabwe. Awiri mwa omwe anavomereza anali omwe ankayankha mlandu ku Hague. Lamulo loti dziko lomwe lili mbali ya mkangano lisavote limakhudza Mutu 6, wa kuthetsa mikangano mwamtendere, silifika ku Mutu 7.

Pa 14 Epulo khoti linakana kupereka chiletso, majaji 11 kutsutsana ndi asanu. Chifukwa chake chinali chachifupi: malinga ndi magawo 25 ndi 103, pongoyang'ana koyamba, mfundo 748 ikuposa ufulu womwe Libya ikuti ili nawo mu pangano la Montreal. Mayi uja anagogoda bolodi pa mawu akuti "pongoyang'ana koyamba". Khoti silinanene kuti mfundo 748 ndi yovomerezeka mpaka kalekale, koma linati pa msinkhu umenewo silikuyenera kugamula motsimikiza za mphamvu ya mfundoyo. Ena mwa majaji, monga Shahabuddeen yemwe anagwirizana ndi chigamulo ndi Weeramantry yemwe anachitsutsa, analemba poyera za malire a mphamvu za Khonsolo.

Mu Febuluwale 1998 khoti linapita patsogolo pang'ono. Amereka ndi Britain ankati mlandu ungothetsedwa chifukwa mfundo 748 ndi inzake 883 ya mu 1993 zinaudya kale. Khoti linati mphamvu yake yomva mlandu imayezedwa pa tsiku lomwe dandaulo linaperekedwa, ndipo pa 3 Malichi 1992 panali mfundo 731 yokha, yomwe inali yongolimbikitsa osati yolamula. Funso loti mfundo zobwera pambuyozo zachita chiyani pa ufulu wa Libya linasungidwa kuti lidzamvedwe ndi mlandu weniweni. Tsiku limenelo silinafike. Oganiziridwa awiri aja anaperekedwa pa 5 Epulo 1999, anaweruzidwa ndi majaji a ku Scotland atakhala ku Netherlands, ndipo mu Januwale 2001 Megrahi anapezeka wolakwa, Fhimah anamasulidwa. Mu Sepitembala 2003 mbali zonse zinagwirizana kuchotsa mlandu wa ku Hague. Zinandipweteka kumva izi, chifukwa funso lomwe tonse timafuna yankho lake linakhala pakhomo pa khoti zaka 11 n'kubwerera osayankhidwa.

Apa ndi pomwe ndinafunsa funso lanu lija. Yankho lomwe ndinalitola ndi ili. Palibe dziko lomwe lingasumire Khonsolo, chifukwa ku Hague mayiko okha ndiwo amakhala mbali za mlandu. Khoti lenilenilo linanena mu 1971, pa nkhani ya Namibia, kuti lilibe mphamvu younika kapena kumva apilo pa zomwe nthambi za United Nations zagamula. Komabe mu nkhani yomweyo linaunika zomwe South Africa inkadandaula pa mfundo za United Nations zokhudza Namibia lisanapereke maganizo ake. Choncho kuunika kumachitika, koma kumalowera pambali: dziko likusumirana ndi dziko linzake, kapena Msonkhano Waukulu wa mayiko onse wapempha uphungu kudzera mu gawo 96 la Pangano la 1945, ndiye funso la mfundoyo n'kutulukira m'njira. Ngakhale zitatero, chigamulo chimamanga okhawo ali mu mlandu, ndipo uphungu sumanga aliyense. Khoti silingafufute mfundo ya Khonsolo monga momwe Khoti Lalikulu kwathu limafufutira chiganizo cha nduna.

Za mlandu wa Tadic wa 1995, pomwe khoti la milandu ya ku Yugoslavia linaunika ngati Khonsolo inali ndi mphamvu yolikhazikitsa n'kupeza kuti inali nayo, tinangodutsapo. Tinachedwerako pa mlandu wa Yassin Kadi, wabizinesi wa ku Saudi Arabia yemwe chuma chake chinatsekedwa mu 2001 dzina lake litaikidwa pa mndandanda wa Khonsolo wa oganiziridwa kuti amathandiza zigawenga, popanda kumuuza umboni kapena kumumva. Mu Sepitembala 2008 khoti la European Union silinakhudze mfundo ya Khonsolo, koma linathetsa lamulo la ku Ulaya lomwe linkaikwaniritsa, ponena kuti likuphwanya ufulu womvedwa. Mu 2009 Khonsolo inakhazikitsa ofesi yolandira madandaulo a omwe ali pa mndandandawo, ndipo Kadi anachotsedwapo mu 2012. Njira iyi ili ndi vuto lake: khoti la kwanu likakuletsa kukwaniritsa mfundo, udindo wako wa gawo 25 sunachoke, ndiye boma limapanikizika mbali ziwiri.

Madzulo a tsikulo tinakangana kwambiri pa tebulo la tiyi, mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Bambo wina yemwe anagwirapo ntchito za ukazembe anati Khonsolo inapangidwa kuti izichita zinthu mwachangu nkhondo ikayandikira, ndipo ikamadikira majaji idzafika nyumba itapsa kale. Anatinso funso loti mtendere uli pa chiopsezo kapena ayi ndi la ndale, palibe muyeso womwe jaji angaugwiritse ntchito. Mbali yachiwiriyi ndikuivomereza pang'ono. Koma ndinamuyankha kuti pa 31 Malichi 1992 panali patapita zaka zitatu kuchokera pomwe ndege inagwa. Changu chomwe chinaoneka sabata imeneyo, m'kuona kwanga, chinali chothamangira kuti khoti lisayambe kulankhula. Sindikunena kuti Libya inalibe mlandu, ndipo mabanja a anthu 270 aja ankayenera chilungamo. Ndikungoti woyankha mlandu akakhala ndi mphamvu yosintha lamulo jaji ali mkati molemba chigamulo, dziko laling'ono ngati lathu lili ndi chifukwa chodera nkhawa.

Tinakumbutsananso kuti chomwe chinathandiza kusuntha nkhaniyi sichinachokere kukhoti kokha. Mu Juni 1998, atsogoleri a OAU, bungwe la mayiko a mu Afirika la nthawi imeneyo, atakumana ku Ouagadougou, anagwirizana kuti asiya kutsatira zina mwa ziletsozo ngati Amereka ndi Britain savomera kuti mlandu ukazengedwere m'dziko lachitatu. Mu Ogasiti chaka chomwecho mayiko awiriwa anavomera za Netherlands. Ena amati apa Afirika anaphwanya gawo 25, ena amati anakana kumvera lamulo lomwe linali litadutsa malire. Ine ndikuona kuti ndi njira yoopsa, chifukwa dziko lililonse likhoza kudzipatsa ujaji pa mfundo yomwe silikuikonda, koma mayiko amafikako akapeza makomo ena onse otseka.

Wapampando, pempho langa ndi lakuti khoti lathu loyeserera la teremu ikubwerayi litenge mlandu wa Lockerbie kuyambira pomwe unalekera mu 1998: mbali imodzi iimire Libya, ina iimire Britain, ndipo majaji athu agamule funso lomwe ku Hague silinagamulidwe. Aliyense wofuna kutenga nawo mbali ayambe wawerenga chigamulo cha pa 14 Epulo 1992 pamodzi ndi zomwe analemba majaji asanu otsutsa aja. Mapepala omwe ndinabwera nawo ndawasiya kwa mlembi, pamodzi ndi malisiti a ulendo.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu