Lipoti la ku wekishopu ya ku Chipata: kusaka mapepa ndi kuwayeza

Manesi anzanga nonse a m'gulu lathu la maphunziro, a ku Katete, Chadiza, Lundazi ndi a konkuno m'tauni, zikomo ponituma komanso posonkha ya thiransipoti. Ndabwerako, ndiye ndati ndilembe zisanazizire. Zinakambidwa ndi zambiri koma ine ndasankha ziwiri zomwe zimatigwetsa pa chaputala 2 cha kafukufuku wathu, kasakidwe ka mapepa a kafukufuku ndi kadziwidwe koti pepa iyi ndingayidalire. Aphunzitsi anatiyendetsa pa nkhani imodzi chabe, ya kangaruu, kuika mwana pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, kwa ana obadwa ndi sikelo yochepa, inenso nditsata yomweyo.

Poyamba anatiletsa kugwira laputopu mpaka funso litalembedwa papepala. Mutu woti "kangaruu" si funso ai. Funso likhale ndi mbali zinayi, zija za PICO: ndani, tikuwachita chiyani, tikuyerekeza ndi chiyani, tikuyang'ana chotsatira chanji. Lathu linatuluka motere, mwa ana obadwa osakwana magalamu 2500, kodi kumuika mwana pachifuwa cha mayi atangobadwa kumachepetsa imfa kusiyana ndi kudikira kuti ayambe wakhazikika? Mukalemba chonchi mawu osakira amatuluka okha.

Ndiye tinalowa pa PubMed, webusayiti yosakira mapepa a zaumoyo, ndi yaulere, imangofuna bandulo. Tinalemba izi:

```
("Kangaroo-Mother Care Method"[Mesh] OR "kangaroo mother care"[tiab] OR "skin-to-skin"[tiab])
AND ("Infant, Low Birth Weight"[Mesh] OR "low birth weight"[tiab] OR preterm[tiab])
AND (mortality[tiab] OR survival[tiab])
```

Musaope kutalika kwake. OR imasonkhanitsa mawu otanthauza chinthu chimodzi ndiye mapepa amachuluka, AND imafuna kuti mizere yonse itatu ipezeke mu pepa imodzi ndiye amachepa. [Mesh] ndi chizindikiro chomwe a PubMed eni ake amamata pa pepa malinga ndi nkhani yake, pomwe [tiab] imasaka m'mutu ndi m'chidule. Timayika zonse ziwiri chifukwa si pepa iliyonse ili ndi chizindikirocho, makamaka zongotuluka kumene. Mnzathu wina anaiwala kutsekera mizere m'mabulaketi, zinamutulukira za matenda a pakhungu ndi zina zosagwirizana, ndiye mukaona zotero yambani mwayang'ana mabulaketi. Ndipo mzere woti AND Zambia musathamangire kuuyika, umataya mapepa abwino a ku Malawi ndi Tanzania omwe mawodi awo amafanana ndi athu. Za kwathu muzisake padera pa AJOL, webusayiti ya majenala a ku Africa, kumene kuli Medical Journal of Zambia. Pepa ikafuna ndalama musagule, funsani a ku laibulale ya koleji ngati analembetsa Hinari ya Research4Life, pulogalamu yotsegulira makoleji majenala olipira, Zambia ili m'gulu la mayiko ololedwa.

Chinthu chomwe anabwereza mpaka tinachiloweza, lembani m'kope tsiku lomwe mwasaka, komwe mwasaka, mawu onse monga munawalembera, ndi nambala ya mapepa omwe anatuluka. Kenako angati munataya mutawerenga mutu, angati mutawerenga yonse, ndi chifukwa chake. Nambala zimenezi ndi zomwe zimalowa mu chithunzi cha PRISMA chija asupavaiza amafunsa, ndipo simungazipeke mwezi wa sabumishoni.

Manje gawo lomwe ine ndinaona kuti ndalama yanu yagwira ntchito. Anatipatsa pepa ya WHO yomwe inatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2021, kafukufuku wa ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, anati chidule chake tichiphimbe ndi dzanja tiyambire pa njira yomwe anatsata, tili ndi fomu ya CASP, ya mafunso oyezera pepa, pambali. Ana anali 3211, a sikelo kuyambira 1.0 mpaka 1.799 kg. Funso lomwe tinayamba nalo, anawagawa bwanji m'magulu? Anachita ngati maere, si nesi kapena dokotala amene ankasankha kuti uyu apite pachifuwa pompano uyu adikire. Apa mpomwe pagona nkhani. Ganizani pepa ina yomwe munthu wangotenga rejisitala ya mu wodi n'kuwerenga kuti ana a kangaruu anafa ochepa. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira pa shifiti, mwana amene timamupereka kwa mayi ndi uja wayamba kale kupeza bwino, wodwalitsa amatsala pa okisijeni, ndiye gulu la kangaruu lidzaoneka labwino ngakhale kangaruuyo asanathandize kalikonse. Pepa yotere siyabodza, ikhoza kutiuza kuti ndi amayi angati amachita, koma singayankhe funso la imfa.

Funso lina la pa fomu ndi loti kodi osamalira odwala anabisiridwa gulu lomwe mwana ali. Apa sizingatheke, mwana ali pachifuwa aliyense akumuona. Ena anafuna kuigwetsa pepayo pa chifukwa chimenechi koma aphunzitsi anati ganizani chomwe akuyeza, ndi imfa, ndipo imfa siyisintha ndi maganizo a wolemba. Chikanakhala chinthu ngati "mayi akusangalala bwanji" ndiye bwenzi tikuda nkhawa. Ine ndinagwirizana nawo, fomu ija si yochongera mabokosi n'kuwonkhetsa mamakisi, yankho lililonse mufunse kuti kodi vuto ili lingapotoze zotsatira?

Kenako manambala. Pofika masiku 28, ana omwe anamwalira anali 12.0% mwa oyamba kangaruu nthawi yomweyo, ndi 15.7% mwa odikira. Pepa yalemba RR 0.75, ndi 95% CI kuyambira 0.64 mpaka 0.89. Kuwerenga kwake, RR imayerekeza chiopsezo cha imfa m'magulu awiriwo, CI ndi malire omwe RR yeniyeni ingapezekemo, ndipo 1 amatanthauza kuti palibe kusiyana, ndiye poti malire onse awiri ali pansi pa 1 tikhoza kukamba kuti imfa zinachepadi. Koma pepa yomweyo inayezanso imfa pa maola 72 oyamba, ndipo apo CI ikuyambira 0.58 mpaka 1.04, yadumpha 1, ndiye simungalembe kuti kangaruu anachepetsa imfa m'masiku atatu oyamba, zimenezo sanazitsimikize. Wowerenga mzere womaliza wa chidule chokha sangazione izi. Tinawerengeranso tokha, 15.7 kuchotsa 12.0 ndi 3.7 pa ana 100 alionse, kutanthauza kuti pa ana pafupifupi 27 oyambitsidwa msanga mmodzi amapulumuka yemwe akanafa. Kwa ine amene ndimagwira ku matenite nambala imeneyo si yaing'ono.

Gawo lomaliza la CASP limafunsa kuti, kodi zingagwire kwathu? Asisita ena a ku kiliniki ya kumudzi anaimirira n'kufunsa kuti kwawo kulibe ngakhale inkyubeta, ndiye alembe chiyani. Ndi funso labwino kwambiri. Kafukufukuyu anachitikira m'zipatala zikuluzikulu, ku Malawi kunali ku Queen Elizabeth ku Blantyre, anakonza malo oti mayi azigona m'chipinda momwemo mwa ana odwalitsa, ndipo ana ankakhala pachifuwa maola pafupifupi 17 pa tsiku. Ndiye mu rivyuu yanu mulembe zonse ziwiri, kuti umboni ndi wolimba, komanso kuti unapezeka pamalo pomwe pali bedi la mayi ndi manesi oyang'anira usiku ndi usana. Mpata wa kafukufuku wanu uli pomwepo.

Za majenala achinyengo anangokhudza pang'ono, aja amatumiza imelo kuti lipirani titulutse pepa yanu sabata ino. Mukakayika yang'anani ngati jenalayo ili pa DOAJ kapena mu MEDLINE, mindandanda ya majenala ounikidwa.

Pempho langa, tikakumana Loweruka aliyense abwere ndi funso lake la PICO lolemba pamanja ndi pepa imodzi yonse, osati chidule. Mafomu a CASP ndi aulere pa webusayiti yawo, ndiprinta ya kafukufuku wa maere ndi ya kafukufuku wocheza ndi anthu chifukwa mafunso ake ndi osiyana, amene mitu yanu ndi ya maganizo a amayi mutenge yachiwiriyo. A ku Lundazi amene netiweki imavuta nditumizireni mafunso anu pofika Lachinayi, ndikusakirani kuno ndipo nambala zonse ndidzakulemberani.