Ndagulitsa galimoto, koma ndalama yotsala ya inshuwalansi akungondibwezera pang'ono

Zikomo a Mlangizi,

Ndine mayi wa ku Zomba, ndimagwira ntchito yauphunzitsi. Ndikupempha mundiunikire pa nkhani ya ndalama yanga yomwe yatsakamira ku kampani ina ya inshuwalansi. Ndalemba manambala onse momwe alili kuti muone nokha ngati akundilakwira kapena ndi momwe zinthu zimayendera.

Ndinali ndi kagalimoto ka Sienta. Pa 1 Febuluwale ndinakalipirira inshuwalansi ya chaka chonse, ija yaikulu yomwe imateteza galimoto yako komanso anthu ena amene ungawagunde. Ndinapereka K600,000 nthawi imodzi kudzera kwa ejenti amene wakhala akundithandiza kuyambira kale. Kumapeto kwa Juni ndinagulitsa galimotoyo chifukwa fizi ya mwana ku koleji inandipanikiza. Tsiku lomwelo ndinawalembera uthenga pa foni a ejentiwo kuti galimoto yapita, ayimitse inshuwalansi ndipo andithandize kupeza ndalama yotsala. Anayankha kuti amva, aziyendetsa. Uthengawo ndikadali nawo.

Ine masamu anga anali osavuta. Chaka chili ndi miyezi 12, ndiye kuti mwezi uliwonse ndi K50,000. Ndagwiritsa ntchito miyezi isanu, yomwe ndi K250,000. Yotsala ndi miyezi isanu ndi iwiri, K350,000. Ndinkaona ngati lendi ya nyumba imene walipiriratu chaka: ukatuluka msanga mogwirizana ndi eni nyumba, amakubwezera ya miyezi imene sunagonemo. Ndalama imeneyo ndinali nditaiwerengera kale pa zofunika za mwana.

Mwezi wa Julayi unatha kuli zii. Nditapita ndekha ku ofesi ya kampaniyo mu Ogasiti, mtsikana wa pa kauntala anafufuza pa kompyuta nandiuza kuti inshuwalansi yanga ikugwirabe ntchito, palibe amene anaiyimitsa. Anati iwo sayimitsa ndi uthenga wa pa foni. Amafuna kalata yosainidwa ndi mwini wake, komanso kuti ndibweze satifiketi ndi kadisiki kaja timamata pa galasi lakutsogolo. Kadisikiko kanapita ndi galimoto. Ndinachita kuwasaka bambo amene anagulawo, mwamwayi ndi munthu wabwino, anakamatula ndi lumo n'kunditumizira pa minibasi kali kong'ambika pakona. Ndinakapereka zonse pakati pa Ogasiti.

Yankho litabwera ndinachita kukhala pansi. Akuti andibwezera K75,000 yokha.

Nditafunsa chifukwa, bwana wina anatsegula chikalata cha mgwirizano wathu, tsamba lakumapeto la timalemba ting'onoting'ono. Pamenepo palembedwa kuti ikakhala kampani imene yathetsa mgwirizano, imabweza molingana ndi masiku otsala, monga momwe ine ndinawerengera. Koma akathetsa ndi kasitomala, amagwiritsa ntchito mulingo wina wa inshuwalansi ya nthawi yochepa, womwe ndi wodula. Pa mulingo umenewo, ukathetsa miyezi isanu ndi umodzi isanakwane iwo amasunga 75 peresenti ya ndalama ya chaka chonse. Ukapitirira pamenepo mpaka miyezi isanu ndi itatu amasunga 87.5 peresenti. Kupyola apo subwezeredwa kanthu. Palinso mawu oti kubweza kumatheka pokhapokha ngati sunapemphepo chipukuta misozi m'chaka chimenecho, ndipo ine sindinapemphepo ngakhale cha galasi losweka.

Tsono onani kusiyana kwake. Akawerengera kuyambira kumapeto kwa Juni, pamene ndinadziwitsa a ejenti, ndili mu gawo la 75 peresenti: asunga K450,000, andibwezera K150,000. Koma iwo akuwerengera pakati pa Ogasiti, tsiku limene kadisiki kanafika m'manja mwawo, ndiye ndagwera mu gawo la 87.5 peresenti: asunga K525,000, ine K75,000. Masabata ochepa amene a ejenti anakhalira uthenga wanga andidyera theka la ndalama imene ngakhale mulingo wawo womwewo ukanandipatsa.

Apa ndiye pamene mtima ukundipwetekera kwambiri, ndipo ndi funso langa lalikulu. Tsiku loyenera kuwerengera ndi liti? Bwanayo anati malinga ngati kadisiki kali pa galasi ndipo satifiketi ili kunja, kampani imakhalabe pa chiopsezo, chifukwa galimotoyo ikanagunda munthu mu Julayi, wovulalayo akanabwera kwa iwo. Mfundo imeneyo ndikuimva, si yopanda nzeru. Koma bwana yemweyo, nditamufunsa ngati akanandilipira galimotoyo ikanachita ngozi mu Julayi, anati ayi, chifukwa sinalinso yanga, ndipo munthu sungalandire chipukuta misozi pa katundu amene unagulitsa. Ndiye ine ndikulipirira chitetezo chanji mu Julayi ndi Ogasiti, chomwe iwo eni akuvomera kuti sichikanandithandiza? Ndili ndi kalata yogulitsirana galimoto yokhala ndi deti la mu Juni, yosainidwa ndi mboni. Kodi imeneyi, pamodzi ndi uthenga wa pa foni uja, singakhale umboni wokwanira kuti abwerere ku deti la mu Juni?

Chogwirizana ndi chimenechi ndi udindo wa a ejenti. Malisiti amene ankandipatsa ali ndi chidindo cha kampaniyo. Polandira ndalama yanga anali munthu wawo. Kodi polandira uthenga wothetsa mgwirizano amasanduka munthu wanga? Ndamva kuti pali kusiyana pakati pa ejenti amene amaimira kampani ndi buloka amene amaimira kasitomala, ndipo ndikufuna mundifotokozere ngati kusiyana kumeneku kukusintha mlandu wanga. Mnzanga wina kuntchito anandinong'oneza kuti mgwirizano ukathetsedwa msanga ejenti amabwezako gawo la komishoni yake, n'chifukwa chake ena sachita changu. Sindikufuna kumuganizira zoipa munthu amene wandithandiza zaka zambiri, koma foni yanga masiku ano sakuyankha.

Za mulingo wodula uja, ndikuvomera kuti unalembedwa m'chikalata. Komabe palibe anandiuzapo za iwo pamene ndinkapereka ndalama, ndipo chikalata chonsecho chinandipeza patapita nthawi nditalipira kale. Kodi kampani ilibe udindo wofotokozera kasitomala mfundo yolemera chonchi asanalipire? Kapena poti ndinasaina fomu, basi nkhani yatha?

Iwo andipatsa njira ina. Akuti ngati ndigula galimoto ina chaka cha inshuwalansichi chisanathe, angathe kusamutsira miyezi yotsalayo ku galimoto yatsopanoyo popanda kudula kwa mulingo uja. Zikanakhala bwino ndikanakhala ndi ndalama yogulira ina, koma ndinagulitsa chifukwa cha kusowa. Andipatsanso fomu yoti ndisaine kuti ndalandira K75,000 ndipo sindidzafunsanso kanthu. Sindinasaine. Ndikuopa kuti ndikasaina ndadzitsekera ndekha chitseko, komanso ndikuopa kuti ndikachedwa anena kuti nthawi yapita.

Ndikudziwa kuti makampani a inshuwalansi m'Malawi muno amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko amalandira madandaulo a makasitomala. Kodi ndiyambe ndalembera kaye akuluakulu a kampaniyo kalata ya dandaulo, ndipo ndiwadikire nthawi yaitali bwanji ndisanapite ku bankiko? M'kalatamo ndipemphe K350,000 yonse, kapena ndilimbike pa K150,000 yomwe ikuoneka kuti ili ndi poimira polimba? Nanga fomu ija ndiitani pakadali pano?

Chonde ndithandizeni, teremu ya mwana yayandikira.

Ine wanu,
Mayi wodandaula, Zomba