Cholakwa cha m'lipoti la mayeso chikubwererabe m'kalasi mwanga

Okondedwa Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo ophunzira anga atsala ndi masabata 6 kuti alembe mayeso omaliza. Chaka chino ndinaganiza zoti kubwereza kwathu kutsogozedwe ndi malipoti amene akuluakulu ochonga mayeso amalemba pofotokoza pamene olemba ambiri anatayira malikisi. Nditawerenga malipoti a zaka zitatu ndili ndi mapepala a mafunso pambali, ndinaona kuti dandaulo limodzi likubwera mobwerezabwereza, loti ophunzira amasokoneza zizindikiro akamalowetsa nambala zokhala ndi mayinasi mu fomula.

Pofuna kudziwa ngati vutoli lilinso mwa ana anga, ndinawapatsa funso ili: x² − 3x − 10 = 0. M'funsoli a ndi 1, b ndi −3 ndipo c ndi −10. Woyankha bwino amayamba ndi gawo la fomula lakuti b² − 4ac, nalemba (−3)² − 4(1)(−10), zomwe zimapereka 9 + 40 = 49, ndipo mayankho amakhala 5 ndi −2. Mwa ophunzira 42, okwana 17 anapeza 31. Nditayang'anitsitsa makope awo ndinapeza kuti analemba −3² popanda mabulaketi, choncho anapeza −9 m'malo mwa 9. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti fomulayo anailoweza bwinobwino, ndipo mtsikana wina amene amalimbikira kwambiri anandionetsa makina ake owerengetsera nati, "Aphunzitsi, koma atulutsa okha −9." Sanali kunama, chifukwa makinawo akapanda kuona mabulaketi amayamba achulukitsa 3 ndi 3, kenako n'kuika mayinasi patsogolo.

Ndinatenga masiku atatu kukonza zimenezi. Ndinawauza kuti aziyamba alemba a, b ndi c pambali, kuti nambala iliyonse ya mayinasi aziitsekera m'mabulaketi, ndiponso kuti akapeza yankho azilibwezera m'funso kuti aone ngati likupereka 0. Pa mafunso 10 ofanana amene ndinawapatsa, pafupifupi onse anakhoza. Koma patapita masabata awiri, nditawalembetsa pepala lathunthu la mitu yosakanikirana lokhala ndi nthawi yoikika, ophunzira 11 anabwereza cholakwa chomwe chija. Ndikuganiza kuti ankakumbukira mabulaketi chifukwa ankadziwa kuti ndiwo ndinkayang'ana tsikulo, ndipo chizolowezi chenichenicho sichinasinthe.

Tsono ndikupempha nzeru zanu. Kodi ndichite chiyani kuti kukonza kotere kukhazikike mpaka tsiku la mayeso? Ndalingalira zomaika funso limodzi la mtunduwu pakati pa mafunso ena sabata iliyonse osawachenjeza, koma malipotiwo atchulanso kufupikitsa madesimali msanga ndi kusaonetsa njira yopezera yankho, ndipo nthawi yatsalayi siingakwanire zonse. Kodi ndilimbane ndi cholakwa chimodzichi mpaka chitheretu, kapena ndikhudze zonse pang'onopang'ono? Komanso, kodi n'kwanzeru kuwapatsa ophunzirawo lipotilo kuti adziwerengere okha, kapena lingangowaonjezera mantha?

Ine wanu,
Mphunzitsi wodera nkhawa