Masilaidi a mafayilo anayi akukana kugwirizana, ndithandizeni

Alangizi,

Ndine mlembi wa kabungwe ka alimi a mbatata kuno ku Dedza. Kumapeto kwa mwezi uno tili ndi msonkhano waukulu wapachaka, ndipo apampando andiuza kuti ndikonze masilaidi osonyeza momwe tayendera kuchokera mu 2012. Nkhani zonse zilipo kale m'mafayilo anayi a PowerPoint amene alembi akale anasiya. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya madzulo amodzi, koma lero ndi tsiku lachisanu ndikulimbana nayo.

Mafayilowo ali chonchi. Awiri akalewo ndi a 4:3, aja ooneka ngati wailesi yakanema yachikale, ndipo imodzi mwa iwo dzina lake limathera ndi .ppt. Awiri enawo ndi otambalala, a 16:9. Iliyonse ili ndi mitundu yake ndi zilembo zake. Ya 2012 ndi ya buluu wodera, zolemba zake zoyera.

Poyamba ndinatsegula fayilo yatsopano, n'kupita pa New Slide, kenako Reuse Slides, n'kuchonga kabokosi ka Keep source formatting. Silaidi iliyonse inabwera momwe inalili, palibe chinasokonekera. Koma nditaziyendetsa zonse 38 zinkaoneka ngati chitenje chosokerera zigamba: apa buluu, apo zobiriwira, mutu wankhani kulumpha kuchoka kumanzere kupita pakati. Nditalowa mu View, Slide Master, ndinapeza kuti fayilo iliyonse yabwera ndi Slide Master yakeyake, zinayi pamwamba pa yangayo. Ndiye chifukwa chake ndikaika chizindikiro cha bungwe pa imodzi, chikuoneka pa masilaidi ochepa okha.

Ndinayambiranso, ulendo uno osachonga kabokosiko, kuti zonse zitengere maonekedwe a fayilo yatsopano. Apa ndiye panandigwetsa ulesi. Mitu yankhani inasintha bwinobwino. Koma mlembi wa 2012 uja sankalemba m'mabokosi obwera ndi silaidi. Ankajambula Text Box yakeyake, n'kupaka zilembozo utoto woyera ndi dzanja. Kumbuyo kutasanduka koyera, zolembazo zinangoti zii. Ndinaganiza kuti zafufutika, mpaka nditadina Ctrl+A ndi pamene mabokosi ake anaonekera, zilembo zili momwemo, zoyera pa choyera. Batani la Reset ndinaliyesa. Limabwezeretsa mabokosi obwera ndi silaidi okha, ojambula pamanjawo silikuwakhudza n'komwe.

Chimene chandiopsa kwambiri ndi tchati cha zokolola. M'fayilo yakale mizati yofiira inali mbatata imene inaola m'nkhokwe, yobiriwira imene tinagulitsa, ndipo pansi pake munthu analemba pamanja kuti zofiira ndi zowonongeka. Tchaticho chitatengera mitundu yatsopano, mizati yogulitsa ndi imene yakhala yofiirira. Ndikanapanda kuyang'anitsitsa, ndikanaima pamaso pa alimi anzanga n'kuwaonetsa kuti zaka zathu zabwino ndi zimene tinaluza kwambiri. Mukudziwa misonkhano yathu, nkhani ya ndalama ikangopotoka pang'ono, mlembi ndiye wadya.

Palinso za kukula kwa masilaidi. Nditasintha fayilo yakale pa Design, Slide Size kuti ikhale 16:9, inandifunsa kusankha pakati pa Maximize ndi Ensure Fit. Ndinangodina osamvetsa, ndipo chizindikiro chathu, chimene ndi chozungulira, chinatuluka ngati dzira.

Tsono chimene ndikufuna kudziwa ndi ndondomeko yake, kuti choyamba n'chiti. Kodi ndiyambe ndasintha mafayilo a 4:3 aja paokha, ndisanasamutse kalikonse, kapena ndisamutse kaye n'kumakonza silaidi imodziimodzi? Maganizo anga ndi akuti ndikonze Slide Master imodzi yokha, masilaidi a zolemba ndiwabweretse atatengera maonekedwe ake, koma matchati ndiwamate ngati Picture kuti mitundu isasinthe. Chondikayikitsa n'chakuti chithunzi sichilola kukonza nambala, ndipo msungichuma wathu amakonda kubwera ndi nambala zina usiku woti mawa msonkhano. Ilipo njira yoti tchati chisunge mitundu yake koma n'kukhalabe chosinthika?

Nanga mabokosi ojambula pamanja aja, alipo pa masilaidi 14. Ndikopere zolembazo n'kuziika m'mabokosi enieni pamanja, kapena pali chidule? Zilembo ndiye ndaona kuti Replace Fonts ikuzisintha zonse kamodzi, koma utoto siikhudza.

Chomaliza, m'fayilo yatsopano yoyamba ija, imene ndinachonga Keep source formatting, muli ma Layout ambirimbiri, ena maina awo oyamba ndi nambala ngati 1_Title and Content. Ena ndikawadina kuti ndifufute, Delete Layout sikuoneka. Ndikuganiza kuti n'chifukwa pali silaidi imene ikuwagwiritsabe ntchito. Kodi ndilimbane nayo fayilo imeneyi, kapena ndiitaye ndipitirize ndi yachiwiriyo? Laputopu ndi yobwereka kwa achimwene, ndipo akuifuna Lachisanu.

Ine wanu,
Mlembi wothedwa nzeru, Dedza